Lipoti la dimba la matimati m'Chigwa cha Bwanje: zimene ming'alu ndi mabanga a dzuwa zinaulula za kathiriridwe ndi mthunzi

Dimba ndi dandaulo la mwini wake

Lipotili likufotokoza za dimba limodzi la matimati la m'Chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, limene ndinaliyendera monga mlangizi wa zaulimi m'mwezi wa Okotobala, mwini wake atadandaula kuti opikula akumubwezera gawo lalikulu la zokolola zake. Dandaulo lake linali lakuti m'dimba mwagwa matenda amene akung'amba zipatso zina ndi kuyeretsa zina mbali imodzi, ndipo anali atapopera kale daifeni kawirikawiri popanda kusintha kulikonse. Chimene ankafuna kwa ine ndi dzina la mankhwala amphamvu kuposa amenewo. Chimene ndinapeza ndi chakuti zipatso zokanidwazo sizinali ndi matenda ofuna mankhwala, koma zinali ndi zizindikiro za ludzu, za madzi obwera ambiri nthawi imodzi, ndi za kusowa kwa masamba, ndipo chizindikiro chilichonse chinkaonetsanso nthawi imene vutolo linachitika.

Dimbalo linali ndi zigawo ziwiri zimene zinaokeredwa sabata imodzi, kumayambiriro kwa Ogasiti, pa mpata wa masentimita 90 pakati pa mizere ndi masentimita 60 pakati pa mapando. Chigawo chakumtunda, chimene chinali ndi mitengo pafupifupi 600, chili pa dothi la mchenga wosakanikira ndi dothi lakuda pang'ono, ndipo chinkathiriridwa m'ngalande ndi pampu ya injini imene mwini dimba ankabwereka kwa mnzake kamodzi pa sabata, atagula yekha petulo. Chigawo chakumunsi ndi chaching'ono, chili pa dothi lolemererapo pafupi ndi chitsime, ndipo mayi a pakhomopo ankachithirira ndi keni m'mawa uliwonse. Mbewu yaikulu m'zigawo zonse ziwiri inali Tengeru 97, ya zipatso zozungulira, koma kumtunda kunalinso mizere ingapo ya Tanya, ya zipatso zazitali ndi zolimba. Mitundu iwiri yonseyi inachokera ku Tanzania ndipo alimi athu amaidziwa bwino. Kukhalapo kwa zigawo ziwiri zothiriridwa mosiyana, komanso mitundu iwiri pa madzi amodzi, ndi kumene kunachititsa kuti dimbali likhale losavuta kulimvetsa.

Ming'alu

Tinayamba ndi mulu wa zipatso zokanidwa umene unali pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinausankha osati potengera kukula kwa chilema koma potengera maonekedwe ake ndi malo ake pa chipatso. Zambiri zinali ndi ming'alu yoyambira kumutu, pamene chipatso chimagwirana ndi kaphesi kake, n'kutsika m'mbali molunjika kunsi. Ming'alu yotereyi imakhala yozama, imafika mu mnofu, ndipo nthawi zina munthu amatha kuona njere. Zina zinali ndi ming'alu yozungulira kumutuko, mwina kuzungulira konse mwina theka lokha, yosazama kwenikweni. Mitundu iwiri ya ming'aluyi imayamba ndi chinthu chimodzi, chimene ndi mnofu kutupa msanga kuposa mmene khungu lingatambasukire, ngakhale kuti yozungulira imakonda kuoneka pa zipatso zimene mutu wake wakhala pa dzuwa nthawi yaitali chikadali chobiriwira, pamene yotsika m'mbali imachuluka pa zipatso zimene zayamba kale kufiira.

Chimene chimachitika m'kati mwa chipatso n'chofunika kuchimvetsa, chifukwa ndi chimene chimatsogolera pa kathiriridwe. Chipatso chikakhala chaching'ono, khungu lake limakula pamodzi ndi mnofu ndipo limatambasuka mosavuta, motero sichikonda kung'aluka. Chikafika pa msinkhu wake wonse n'kuyamba kusintha mtundu, khungu limasiya kukula ndipo mphamvu zake zimachepa, pamene m'kati shuga akuchuluka, ndipo mnofu wa shuga wambiri umakoka madzi mwamphamvu. Ngati dothi lauma kwa masiku angapo, chipatso chimaima kukula ndipo khungu limauma n'kukhazikika pa msinkhu umenewo. Madzi akabwera ambiri mwadzidzidzi, mizu imamwa msanga, ndipo usiku, pamene masamba sakutulutsa madzi ambiri mumpweya, madziwo amakankhidwira m'zipatso. N'chifukwa chake ming'alu yatsopano imapezeka m'mawa, tsiku lotsatira kuthirira kapena linzake, ndipo mlimi amene anasiya zipatso zabwinobwino madzulo amadabwa kuzipeza zitaphulika.

Msinkhu wa mng'alu umadziwika ndi maso ndi chala. Mng'alu wa dzulo kapena dzana umakhala wonyowa, m'mphepete mwake mofiira kapena mobiriwira ngati mnofu wa chipatsocho, ndipo ntchentche zazing'ono zimauzungulira. Mng'alu wa sabata yapita, makamaka ngati unachitika chipatso chikadali chobiriwira, umakhala utauma n'kuchita chipsera chotuwa chokhakhala. Pa zipatso zingapo za Tengeru tinapeza zonse ziwiri pamodzi, chipsera chouma ndi mng'alu wonyowa pambali pake, kusonyeza kuti chipatso chimodzi chinadutsa m'ludzu ndi m'chigumula kawiri. Ndinafunsa kuti, "Bambo, pampu inabwera liti komaliza?" Anayankha kuti, "Dzana, alangizi, ndipo ndinathirira mpaka ngalande zonse zinadzaza, poti ndinadziwa kuti sindiipezanso mpaka sabata yamawa." Ming'alu yonyowayo inali ya kuthirira kumeneko, ndipo zipsera zouma zinali za sabata inapitayo.

Titalowa m'mizere, zinaonekeratu kuti ming'alu inali ya kumtunda. Kumunsi, kumene kunkathiriridwa ndi keni tsiku ndi tsiku, zipatso zong'aluka zinali zowerengeka, ngakhale kuti mbewu inali yomweyo, feteleza yemweyo, dzuwa lomwelo. Kumtundako, ming'alu inachuluka koposa kumayambiriro kwa ngalande, kumene madzi ankaima nthawi yaitali. Matenda ofala ndi mphepo kapena ndi tizilombo sangalemekeze malire a pampu ndi keni chotere.

Mizere ya Tanya inapereka umboni wamtundu wina. Zipatso zake sizinang'aluke kwambiri, chifukwa mitundu ya zipatso zazitali imakhala ndi khungu lolimba ndi malo aang'ono ogwirana ndi kaphesi, koma zambiri zinali ndi banga lakuda, lolowa m'kati, louma ngati chikopa, kunsi kwenikweni kumene kunali duwa. Banga limeneli limabwera pamene kashiyamu sanafike kunsi kwa chipatso pa nthawi imene chikukula mofulumira, masabata awiri kapena atatu duwa litagwa. Kashiyamu amayenda ndi madzi okwera kuchokera ku mizu, ndipo madziwo akamadukizaduka, masamba amatenga gawo lalikulu, kunsi kwa chipatso n'kutsala kopanda kanthu, ngakhale m'dothi mutakhala kashiyamu wokwanira. Choncho banga lakunsi pa chipatso chimene chikufiira lero limanena za ludzu la masabata angapo apitawo, pamene mng'alu wonyowa umanena za madzi a dzana. Zizindikiro ziwirizi zitaikidwa pamodzi, zinasonyeza kuti vuto la kathiriridwe silinayambe mu Okotobala, koma linalipo kuyambira mu Sepitembala, kungoti kunali kusanatenthe kwambiri.

Kuwerengera madzi

Mwini dimba sanavomereze msanga kuti mbewu zake zinali ndi ludzu, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, popeza madzi amene ankathira pa tsiku la pampu anali ambiri zedi. Tinachita kuwerengera limodzi. M'nyengo yotentha ya Okotobala m'chigwa chotere, matimati amene ali ndi zipatso amatha madzi okwana mamilimita 6 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Pa mpata wa masentimita 90 kwa 60, mtengo uliwonse uli ndi malo opitirira pang'ono theka la malo oterewa, choncho umafuna malita atatu ndi pang'ono pa tsiku. Keni ya malita 10 imakwana mitengo itatu basi. Mitengo 600 imafuna malita pafupifupi 2,000 pa tsiku, kapena kuti migolo 10 ya malita 200.

Funso lenileni silinali la kuchuluka kwa madzi a pa sabata, koma la madzi amene dothi lingasunge pamene pali mizu. Tinakumba pambali pa mtengo umodzi n'kupeza kuti mizu yambiri inali m'masentimita 40 apamwamba. Dothi lamchenga lotere limasunga madzi oti mbewu n'kumwa okwana mamilimita 40 kapena kucheperapo m'kuya kumeneko, ndipo matimati amayamba kuvutika asanamwe ngakhale theka la madziwo, chifukwa otsalawo dothi limawagwira molimba. Izi zikutanthauza kuti pa mamilimita 6 pa tsiku, mbewu inkamwa momasuka masiku atatu okha, ndipo masiku anayi otsala a sabata inkakhala pa ludzu lokulirakulira. Madzi owonjezera amene ankathiridwa pa tsiku la pampu sankasungika, ankangolowa pansi kupitirira mizu, atatenga ndi gawo la feteleza. Petulo wa madzi amenewo ankangopita pachabe.

Dothi lenilenilo linatsimikiza zimenezi. Pa tsiku lachitatu chithirireni, dothi lotengedwa pa kuya kwa chikhatho chimodzi ndi theka linkaumbika m'manja koma n'kumwazika likangokhudzidwa, pamene la kumunsi linkaumbika n'kukhala. Mayi a pakhomopo ananenanso kuti masiku awiri omaliza pampu isanabwere, mbewu za kumtunda zinkaoneka zofota ngakhale m'mawa dzuwa lisanakwere. Mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa kufota pang'ono masana a Okotobala kumachitika ngakhale pa dothi lonyowa ndipo mbewu imadzuka madzulo, koma mbewu imene yagona usiku wonse n'kucha ili yofota kawirikawiri ndiye kuti m'dothi mulibe madzi oti ifikire.

Mabanga a dzuwa

Gulu lachiwiri la zipatso zokanidwa linali la zowauka ndi dzuwa. Banga lake limayamba ngati malo otuwa kapena achikasu, owala, mbali imodzi yokha ya chipatso, kenako limachita ngati chithuza, n'kuphwa, n'kulowa m'kati pang'ono, khungu n'kukhala loyera ndi lopyapyala ngati pepala. Pakapita masiku, chuku chakuda chimamera pamalo akufawo, ndipo chukucho ndi chimene chimanamiza alimi ambiri kuti vutolo ndi matenda, chikhalirecho icho changopeza mnofu wakufa kale. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta. Banga la dzuwa limakhala mbali imene yayang'ana dzuwa, ndipo chipatso chikatembenuzidwa, mbali ya mumthunzi imapezeka yosalala yopanda chilema. Matenda a chiwawu akagwira chipatso amakonda kuyambira kumutu pafupi ndi kaphesi, banga lake n'kukhala lakuda la mizere yozungulirazungulira kuyambira pachiyambi, osati loyera.

Chipatso cha matimati sichitulutsa madzi ambiri pakhungu monga amachitira masamba, choncho sichitha kudziziziritsa, ndipo chikakhala pa dzuwa la masana khungu lake limatha kutentha madigiri 10 kapena kuposerapo pamwamba pa kutentha kwa mpweya. Tsiku limene mpweya uli pa madigiri 33, mbali ya chipatso yoyang'ana dzuwa imatha kupitirira madigiri 40, ndipo pa kutentha kotere, kukakhalitsa maola angapo, mnofu wa pansi pa khungu umafa. Zipatso zimene zimawauka msanga ndi zokhwima zobiriwira ndi zimene zangoyamba kusintha mtundu. Zofiira kale zimapirira kwambiri. Palinso chilema chocheperapo chimene tinachipeza pa zipatso zambiri, chimene ndi mutu wachikasu wolimba pa chipatso chimene kwina konse chafiira. Utoto wofiira wa matimati umasiya kupangika kutentha kukapitirira madigiri 30 kapena pamenepo, pamene wachikasu umapitirirabe, motero mbali yotentha imatsala yachikasu. Kuchepa kwa potaziyamu m'dothi kumakulitsanso chilema chimenechi, koma m'dimbali chikasucho chinkatsatira mbali ya dzuwa mosaphonya, ndipo zipatso zobisika m'masamba zinali zofiira bwino mpaka kumutu.

Malo a mabanga anali ofanana m'dimba lonse. Mizere inalunjika kumpoto ndi kumwera, ndipo mabanga anali pamwamba pa zipatso ndi mbali ya kumadzulo, osati ya kum'mawa. Mu Okotobala dzuwa la masana kuno limadutsa pafupifupi paliwombo, ndiye limawomba mitu ya zipatso, kenako likapendeka limawomba mbali ya kumadzulo pa nthawi imene mpweya watentha kwambiri ndipo masamba afota n'kulendewera. Dzuwa la m'mawa limapeza chipatso chikadali chozizira ndi usiku. Mzere wa kumalire a kumadzulo, umene unalibe mzere wina woutchinga, ndi umene unawauka koposa.

Koma dzuwa lokha silikanachita zonsezi, pakuti matimati a m'madimba oyandikana nawo anali pansi pa dzuwa lomwelo koma sanawauke chotere. Mitengo ya kumtunda inali itasadzulidwa masamba kuyambira pansi mpaka kupitirira tsango lachiwiri, kwina lachitatu, moti zipatso zinkalendewera pa thunthu lopanda kanthu. Mwini dimba anafotokoza kuti masamba apansi anagwidwa ndi chiwawu ndi akangaude ofiira, ndipo pochotsa odwalawo anachotsanso abwino, atamva kwa anzake kuti matimati akaona dzuwa amapsa msanga n'kupeza mtengo wabwino pamsika. Chikhulupiriro chimenechi n'chofala, ndipo m'maganizo mwanga ndi chimene chimawononga matimati ambiri a m'chilimwe kuposa tizilombo tina timene timagulira mankhwala. Chipatso chokhwima chimapsa chifukwa cha msinkhu wake ndi kufunda koyenera, pakati pa madigiri 20 ndi 25, ndipo chimafiira ngakhale m'dengu m'nyumba. Dzuwa lachindunji la Okotobala silifulumizitsa kufiira, limakulepheretsa.

Nthawi ya kusadzulako inkaonekanso pa zipatso. Chipatso chimene chakulira pa dzuwa kuyambira chili chaching'ono chimazolowera pang'ono, koma chimene chakulira mumthunzi n'kuvundukulidwa tsiku limodzi chimatha kuwauka masana omwewo kapena a mawa lake. Mabanga ambiri m'dimbali anali a msinkhu umodzi, onse atauma kale ndi chuku chongoyamba, ndipo anali pa masango amene anali okhwima obiriwira pa tsiku limene masamba anachotsedwa, masiku khumi m'mbuyomo monga mwa kunena kwa mwini wake. Kumunsi mayi anangochotsa masamba okhudza dothi, ndipo kuwauka kunali kochepa.

Apa ndi pamene mavuto awiriwa amakumana. Mtengo wochepa masamba umakhala ndi njira zochepa zotulutsira madzi amene mizu yamwa, choncho pa tsiku la pampu gawo lalikulu limathamangira m'zipatso. Komanso chipatso cha pa dzuwa chimatentha masana n'kuzizira usiku, kutupa ndi kuphwa tsiku lililonse, ndipo khungu la kumutu limatopa n'kuuma, moti madzi akabwera limang'ambika mosavuta. Ludzu nalo limafotetsa masamba otsalawo pa maola amene mthunzi ukufunika kwambiri. Kusadzula kunakulitsa ming'alu, ndipo ludzu linakulitsa kuwauka.

Zimene tinachita

Choyamba chinali kuletsa chinthu chimene mlimi aliyense amafuna kuchita akamva kuti mbewu zake zili ndi ludzu, chimene ndi kuthira madzi ambiri nthawi yomweyo. Tinagwirizana kuti zipatso zonse zimene zayamba kusintha mtundu, ngakhale kachikasu kapena kufiira pang'ono kunsi, zizithyoledwa madzulo pampu isanabwere, osati itapita. Chipatso chotere chimamaliza kupsa bwino pamthunzi m'masiku ochepa, chimapirira ulendo wa pa njinga kapena pa galimoto, ndipo chikakhala m'dengu madzi a m'ngalande sangachiphulitsenso. Madenguwo tinati azikhala pamthunzi ndi kuphimbidwa ndi udzu kapena masamba, chifukwa matimati othyola kale amawaukanso akasiyidwa pa dzuwa podikira opikula.

Chachiwiri chinali kugawa madzi. Mwini pampu anavomera kuti izibwera masiku atatu alionse kwa nthawi yochepa m'malo mwa kamodzi pa sabata kwa tsiku lonse, ndipo petulo wa pa sabata sanasinthe kwenikweni. Ngalande zazitali tinazidula ndi timigula ta dothi kuti zikhale zigawo zazifupi, madzi azilowa mofanana m'malo mokhathamiritsa kumayambiriro ndi kumana kumapeto. Kuthirira kunaikidwa m'mawa, kuti madzi ambiri akwere masana pamene masamba akuwatulutsa, m'malo mwa madzulo pamene akanakankhidwira m'zipatso usiku wonse. Muyeso wa tsiku lothirira unakhala dothi lenilenilo: likatengedwa pa kuya kwa chikhatho n'kuyamba kukana kuumbika, nthawi yakwana, ngakhale pamwamba pataoneka bwanji.

Chachitatu chinali kuphimbira. Tinayala udzu wouma wokhuthala masentimita 5 mpaka 8 m'mbali mwa mizere, kusiya mpata wa zala zitatu kuzungulira thunthu kuti lisaole. Udzu umachepetsa madzi ouma pamwamba pa dothi ndi kutentha kwa mizu, ndipo phindu lake lalikulu pa nkhani ya ming'alu ndi lakuti dothi silichoka msanga pa kunyowa kupita pa kuuma. Chiswe chimabwera ku udzu wotere, ndipo m'dimbali chinabweradi, koma chinkadya udzuwo n'kusiya mbewu, ndiye ntchito inali yongowonjezera udzu pamene wapyapyala.

Pa za mthunzi, masamba ochotsedwa sakanabwerera, choncho tinalola mphukira imodzi kapena ziwiri za pamwamba pa masango ovundukuka kuti zikule m'malo mozithena, ndipo pomangirira ku mitengo tinkatembenuzira masango mbali ya kum'mawa pamene zinali zotheka popanda kuthyola kaphesi. Kumalire a kumadzulo tinaimika mpanda wa udzu wopyapyala wotalika kupitirira pang'ono mbewu, ndipo pa mizere yovundukuka kwambiri tinayala udzu wapatalipatali pa timitanda, woti munthu akaima pansi pake aziona dzuwa likudutsa m'mipata. Denga lothithikana ngati la nazale silifunika, chifukwa matimati akasowa kuwala amatalika mopanda mphamvu, maluwa amayoyoka, ndipo chinyezi chokhalitsa pamasamba chimaitana chiwawu. Amene angakwanitse neti yogula, yoyenera ndi yotchinga magawo 30 kapena 40 pa 100 alionse a kuwala, osati yothithikana kwambiri imene imagwiritsidwa ntchito pa mbande za mitengo.

Mankhwala sanasiyidwe kotheratu, koma ntchito yake inasintha, kuchoka pa kuchiza zipatso kupita pa kuteteza masamba otsala ku chiwawu ndi akangaude, popeza masambawo ndiwo mthunzi weniweni wa chipatso. Akangaude ofiira safa ndi daifeni, amafuna mankhwala awoawo opoperedwa kunsi kwa masamba, ndipo masiku odikira musanathyole ayenera kutsatidwa monga alembera pa botolo. Yureya amene mwini dimba ankafuna kuthira kuti masamba abwerere msanga tinamuimitsa, chifukwa feteleza wotere wambiri pa nthawi ya zipatso amafewetsa zipatso ndiponso amakulitsa banga lakunsi. Mankhwala a kashiyamu opopera pamasamba sindinawalimbikitse, popeza kashiyamu wolowa m'tsamba sasamukira m'chipatso.

Zotsatira ndi malire ake

Zipatso zimene zinali zitawauka kale sizinachire, ndipo tinazithyola kuti zisakhale chisa cha chuku ndi ntchentche. Zong'aluka kumene, zopanda fungo ndi chuku, banja linkadya tsiku lomwelo kapena kugulitsa motchipa m'mudzi, koma zonse za mng'alu wonyowa wokhalitsa zinakwiriridwa. Kusintha kunayamba kuoneka pa ming'alu, imene inachepa kwambiri pa kuthyola kwa sabata yotsatira, pamene banga lakunsi pa Tanya linapitirira kuoneka kwa masabata ena, monga tinkayembekezera, chifukwa zipatso zimenezo zinavulala kale zili zazing'ono. Masango apamwamba, amene anakula madzi atakhazikika, anatuluka opanda banga. Izi n'zofunika kumuuza mlimi pasadakhale, kuopa kuti angaone banga likupitirira n'kuganiza kuti kathiriridwe katsopanoko kalephera.

Mvula ya chizimalupsa itagwa, ming'alu inabwereranso m'zigawo zonse ziwiri, ngakhale kuti sinafike pa mlingo wakale, ndipo inali yochepa pa mizere yophimbira ndi imene zipatso zoyamba kufiira zinali zitathyoledwa mitambo itangoyamba kusonkhana. Panaonekanso mtundu wachitatu wa ming'alu, ting'onoting'ono ngati tsitsi, tambirimbiri, kumutu kwa zipatso zovundukuka, timene timasiya khungu lokhakhala. Imeneyi imabwera pamene madzi a mvula kapena mame akhala pakhungu lenilenilo la chipatso, ndipo sinena kanthu za pampu kapena keni, imangosonyeza kuti chipatso chinalibe masamba ochifunditsa. Kathiriridwe kabwino sikathetsa ming'alu ya mvula, kamangoichepetsa, ndipo mitundu ya zipatso zazikulu zozungulira imang'alukabe kuposa ya zipatso zazitali ngakhale itasamalidwa mofanana.

Vuto limene silinathe ndi la gwero la madzi. Pofika kumapeto kwa Okotobala chitsime chimene pampu inkakokamo chinkaphwa msanga, moti malita 2,000 a pa tsiku sankapezeka nthawi zonse. Pa ulimi wa chaka chamawa tinagwirizana kuti kumtunda kudzakhale mitengo yocheperapo, yowerengedwa potengera madzi amene chitsime chimapereka mu Okotobala osati mu Ogasiti, ndiponso kuti mbande zidzaokeredwe msanga kuti kuthyola kwakukulu kudzathe kusanatenthe kwambiri. Manyowa okhwima adzalowetsedwa m'dothi lamchengalo pokonza mizere, udzu wophimbira udzayalidwa mbewu zikangogwira, ndipo masamba odzachotsedwa adzakhala okhawo okhudza dothi ndi odwala kwambiri, awiri kapena atatu pa mtengo nthawi imodzi, a pansi pa tsango limene lathyoledwa kale.